Kuchoka ku banki kupita pafoni, kuchoka pafoni kubwerera ku banki: ndalama zanu zimayenda bwanji?

Kutapa malipiro kale kunali ulendo. Mphunzitsi wa kumudzi ankadzuka m'mamawa, kulipira kabaza mpaka pamsewu, kukwera minibasi kupita kuboma, n'kukaima pamzere wa makina a ATM, ndipo nthawi zina ankabwerera chimanjamanja chifukwa makina atha ndalama. Lero mphunzitsi yemweyo akhoza kukhala pakhonde la nyumba yake, n'kusamutsa malipiro ake kuchoka ku akaunti ya ku banki kupita mu Airtel Money kapena Mpamba, kenako n'kukatapa kwa ejenti wa pamsika wapafupi. Nayenso mayi wogulitsa kaunjika, amene makasitomala ake amamulipira pafoni, akhoza kutumiza zomwe wapeza tsikulo ku akaunti yake ya ku banki usiku, banki itatseka kalekale.

Ambiri timachita zimenezi mwezi ndi mwezi, koma ndi ochepa amene angafotokoze chomwe chimachitika pakati pa kutayipa pini ndi kulira kwa meseji. Kusadziwaku kumapweteka pa tsiku limene ndalama zachoka ku banki koma sizinafike pafoni. Munthu amathamangira kwa ejenti, ejenti amamuuza kuti apite ku banki, a ku banki amamufunsa nambala ya malonda imene iye anafufuta kale. Amene akudziwa njira ya ndalama zake amadziwanso khomo loti agogode.

Mabuku awiri, osati thumba limodzi

Choyamba kudziwa n'chakuti akaunti ya ku banki ndi waleti ya pafoni ndi zinthu ziwiri zosiyana, zosungidwa ndi makampani awiri osiyana. Ngakhale mutazilumikiza, sizisanduka chinthu chimodzi. Banki ili ndi buku lake, momwe inalemba kuti ikusungirani ndalama zakuti. Kampani ya ndalama za pafoni ilinso ndi buku lake. Zili ngati munthu amene anasungitsa ndalama kwa eni magolosale awiri, aliyense ndi kabuku kake: kuti ndalama zichoke kwa uyu kupita kwa uyo, mmodzi ayenera kuchotsa m'kabuku kake, winayo n'kuwonjezera m'kake, ndipo awiriwo ayenera kukhala ndi njira yobwezerana okhaokha pambuyo pake.

Nanga ndalama za m'waleti zimakhala kuti? Sizikhala mufoni, sizikhalanso mu simukhadi. Kuyambira pamene Airtel Money inayamba ku Malawi mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, dongosolo lakhala lakuti kwacha iliyonse yooneka pafoni ikhale ndi kwacha yeniyeni kumbuyo kwake. Ndalama zenizenizo zimasungidwa m'maakaunti apadera m'mabanki, olekanitsidwa ndi ndalama zomwe kampani imagwiritsa ntchito pa malonda ake. Mwini wake weniweni wa ndalamazo ndi makasitomala onse pamodzi, ndipo Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu ya dziko lino, imayang'anira kuti zomwe zili m'maakaunti amenewa zisachepere pa zomwe zikuoneka m'mawaleti onse. M'nkhani ino tiitchula kuti akaunti ya chikole.

Izi zikutanthauza kuti ndalama za pafoni sizinachokepo m'mabanki. Mukasamutsa ndalama kuchoka ku akaunti yanu kupita pafoni, palibe galimoto yonyamula ndalama imene imanyamuka. Chimene chimasintha ndi dzina la mwini ndalama m'mabuku awiri aja.

Kulumikiza kumatanthauza chiyani

Anthu akamati alumikiza akaunti ndi foni, kawirikawiri amatanthauza kuti banki yalembetsa nambala yawo ya foni kuti ndiyo yololedwa kulamula akauntiyo. Mumapita ku nthambi ya banki ndi chiphaso chanu cha unzika, kudzaza fomu yopempha kugwiritsa ntchito banki pafoni, ndi kulemba nambala imene mukufuna. Mabanki ena amalola kulembetsa pafoni pomwepo ngati nambalayo ndi yomwe munapereka potsegula akaunti. Mukatero mumalandira pini yoyambira, imene muyenera kuisintha nthawi yomweyo n'kuika yanu.

Pamenepa mwakhala ndi makomo awiri. Khomo la banki ndi nambala yake yoimba kapena apu yake: *626# kwa makasitomala a National Bank of Malawi, *247# kwa a Standard Bank, *525# kwa a FDH Bank, *322# kwa a NBS Bank. Khomo la waleti ndi *211# kwa a Airtel Money ndi *444# kwa a Mpamba. Nambala zoimbazi sizifuna intaneti kapena bandulo, ndipo zimagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani. Khomo lililonse lili ndi pini yake, ndipo mapini awiriwa asafanane.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: mumalowera khomo la kumene ndalama zikuchokera. Ngati zikuchoka ku banki, mumaimba nambala ya banki ndi kuika pini ya banki. Ngati zikuchoka pafoni, mumaimba nambala ya waleti ndi kuika pini ya waleti. Chifukwa chake n'chomveka. Amene akusunga ndalama zanu ndiye ayenera kutsimikiza kuti ndinudi musanamulamule kuti azitulutse.

Pali njira inanso imene mabanki ena anagwirizana ndi makampani a mafoni, yomwe imalola munthu kukoka ndalama za ku banki ali mkati mwa menyu ya waleti. Imeneyi imafuna chilolezo chapadera, chifukwa mukuuza banki kuti izimvera lamulo lobwera kudzera ku kampani ina. Pa njira imeneyi banki imaonetsetsa kuti mwini akaunti ndi mwini nambala ndi munthu mmodzi. Apa ndi pamene anthu ambiri amakakamira. Mayi analembetsa simukhadi pa chiphaso cha mwana wake nthawi ya kalembera wa manambala wa 2018, kapena akaunti inatsegulidwa ndi dzina la kwa mwamuna pomwe chiphaso cha unzika chili ndi dzina la bambo womubereka. Mayina akasiyana, kulumikiza kumakanika, ndipo mankhwala ake ndi kupita nokha ndi chiphaso kukakonzetsa mbali imene ili ndi dzina lolakwika.

Dziwaninso kuti kutumiza ndalama kuchoka pafoni kupita ku banki nthawi zambiri sikufuna kulumikiza kulikonse. Nambala ya akaunti yokha ndi yokwanira, ndipo akauntiyo ikhoza kukhala ya wina aliyense: sukulu, tchalitchi, mwini nyumba. Kuika ndalama mu akaunti n'kosavuta. Kutulutsa ndi kumene kumafuna umboni.

Ulendo woyamba: kuchoka ku banki

Tiyerekeze ndi mphunzitsi wa sukulu ina kufupi ndi Malomo m'boma la Ntchisi. Manambala onse m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza. Malipiro ake a K280,000 alowa mu akaunti, ndipo akufuna K100,000 pafoni kuti agule chimanga ndi kutumizako kwa makolo ake.

Akuimba nambala ya banki yake, kuika pini, kusankha kutumiza ku waleti ya pafoni, kutayipa nambala yake ndi kuchuluka kwa ndalama, n'kutsimikiza. Kumbali yake ntchito yatha. Kumbuyoko, m'masekondi ochepa, zinthu zingapo zikuchitika motsatizana.

Kompyuta ya banki ikuyamba yaona ngati mu akaunti muli K100,000 kuphatikiza chaji, komanso ngati sanapyole malire a tsikulo. Zikakwana, ikuchotsa ndalamazo mu akaunti yake, n'kutsala K180,000 kuchotsapo chaji. Kenako ikutumiza uthenga ku kompyuta ya kampani ya waleti: ikani K100,000 pa nambala yakuti.

Kampaniyo singangolemba K100,000 kuchokera mumlengalenga, chifukwa kwacha iliyonse ya pafoni iyenera kukhala ndi chikole. Njira imodzi yofala ndi yakuti banki nayo imakhala ndi waleti yakeyake yaikulu ku kampaniko, imene inagulira fuloti pasadakhale, chimodzimodzi momwe ejenti wa pamsika amachitira. Tinene kuti m'waleti ya bankiyo munali K10,000,000. Kampani ikuchotsamo K100,000, n'kutsala K9,900,000, ndi kuika K100,000 m'waleti ya mphunzitsi. Ndalama zonse za pafoni m'dziko sizinachuluke kapena kuchepa, ndipo akaunti ya chikole sinakhudzidwe. Banki yatenga K100,000 kwa kasitomala wake n'kupereka fuloti ya mtengo womwewo. Kumene banki yomweyo ndi imene ikusunga akaunti ya chikole, ikhoza kungosamutsira ndalamazo mu akauntiyo, kampani n'kulemba ndalama zatsopano za pafoni zofanana nazo. Njira zonse ziwiri zimathera pamodzi: mabuku agwirizana.

Pomaliza kompyuta ya kampani ikuyankha ku banki kuti zatheka, ndipo mphunzitsi akulandira mameseji awiri, wina wochokera ku banki wonena kuti ndalama zachoka, wina wochokera ku waleti wonena kuti zafika. Meseji iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya malondawo. Mameseji awiriwa ndiwo malisiti ake, ndipo sayenera kufufutidwa msanga.

Ulendo wachiwiri: kubwerera ku banki

Tsopano tione mchemwali wake wa mphunzitsiyu, amene amagulitsa kaunjika pa tsiku la msika. Pofika madzulo, makasitomala amulipira pafoni ndalama zokwana K150,000, ndipo akufuna kuzisunga ku banki kuti ziunjikane mpaka akwanitse kuoda belo lina ku Lilongwe.

Iye akulowera khomo la waleti. Akusankha kutumiza ku banki, kusankha dzina la banki, kutayipa nambala ya akaunti ndi ndalama, n'kuika pini ya waleti. Kampani ikuchotsa K150,000 ndi chaji m'waleti yake, ndi kuika K150,000 m'waleti ya banki ija. Kenako ikuuza banki kuti: talandira ndalama zanu, ikani mu akaunti yakuti. Banki ikuona ngati akauntiyo ilipodi ndipo ikugwira ntchito, n'kulembamo K150,000.

Fuloti ya banki, imene inatsika mphunzitsi atatapa, tsopano yakwera. Ngati ndalama zolowa ndi zotuluka zikanakhala zofanana tsiku lililonse, banki sikanafunika kuchita kanthu. Koma sizifanana. Pakutha pa mwezi, malipiro akalowa, anthu masauzande ambiri amakankhira ndalama pafoni nthawi imodzi. Zimakhalanso choncho m'nyengo ya fodya, alimi amene agulitsa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu akalandira ndalama zawo kudzera m'maakaunti. Fuloti ya banki imatsika msanga, ndipo banki imayenera kuika ndalama zenizeni mu akaunti ya chikole kuti ipatsidwe fuloti ina. M'nyengo ya fizi zinthu zimatembenuka: fuloti imachuluka, banki n'kuibweza kuti ilandire ndalama zenizeni. Ntchito imeneyi imachitika kasitomala osaiona, koma ikachedwa amaimva, chifukwa malonda ake amakanidwa ngakhale mu akaunti muli ndalama.

Mlatho wa pakati

Poyamba banki iliyonse inkalumikizana payokha ndi kampani iliyonse ya ndalama za pafoni, ndipo kumene panalibe mgwirizano, kasitomala analibe njira. Zinthu zinayamba kusintha mu 2015 pamene National Switch, imene ambiri amaitchula Natswitch, inayamba kugwira ntchito. Inayamba ndi kulumikiza makina a ATM kuti khadi ya banki ina izitapa pa makina a banki inzake, kenako inafikira njira zina zolipirira. Lamulo loyendetsa njira zolipirira la 2016 linapatsa Reserve Bank mphamvu zomveka pa nkhanizi, ndipo mu 2017 bankiyo inalamula kuti opereka ntchito zolipirira azilumikizana. N'chifukwa chake lero wa Mpamba amatha kutumizira wa Airtel Money mwachindunji.

Malonda akadutsa pa mlatho wotere, pamakhala mbali zitatu: wotumiza, wolandira, ndi wapakati amene amalondolera uthenga ndi kuwerengera kuti ndani ali ndi ngongole kwa ndani. Kasitomala amaona ndalama nthawi yomweyo, koma mabungwewo amabwezerana pambuyo pake, pophatikiza malonda ambiri n'kulipira kusiyana kokha kudzera m'maakaunti a mabanki ku Reserve Bank. Kwa inu ndi ine phunziro lake ndi lakuti pa ulendo wa masekondi khumi pali makompyuta awiri kapena atatu, ndipo iliyonse ikhoza kuchedwa kuyankha.

Zachoka koma sizinafike

Vuto lodziwika kwambiri limabadwira pamenepo. Banki yachotsa ndalama mu akaunti ndi kutumiza uthenga, koma yankho silinabwere pa nthawi yake. Mwina uthengawo sunafike n'komwe. Mwinanso unafika, ndalama zinalowa m'waleti, koma yankho ndi limene linasochera pobwerera. Banki singadziwe nthawi yomweyo kuti chachitika ndi chiti, ndiye imasunga ndalamazo pambali mpaka itatsimikiza. Ndalama sizinatayike, zili pakati pa mabuku awiri, ndipo mabungwewo amafananiza mabuku awo kuti apeze malonda otere. Ambiri amabwezedwa okha, ena m'mphindi zochepa, ena patapita masiku, makamaka zikachitika kumapeto kwa sabata kapena pa tchuthi.

Cholakwika chachikulu chimene anthu amachita ndi kutumizanso nthawi yomweyo. Mphunzitsi uja akaona kuti meseji ya waleti sinabwere n'kubwerezanso, akhoza kupeza K200,000 pafoni pomwe amafuna K100,000, atalipira chaji kawiri, ndipo kubweza zotsalazo ku banki kumudyeranso chaji yachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Meseji ikachedwa, funsani balansi mbali zonse ziwiri. Ngati ku banki sikunachoke kanthu, malonda alephera ndipo mukhoza kuyesanso. Ngati kwachoka ndipo m'waleti zalowa, ndi meseji yokha imene yachedwa. Ngati kwachoka koma m'waleti mulibe, dikirani pang'ono, kenako dandaulani.

Dandaulo lipite kumene ndalama zinachokera, chifukwa ndi amene anazitulutsa ndipo ndi amene angazibweze. Ejenti sangathandize pa nkhaniyi: malondawo sanadutse pa nambala yake. Podandaula tchulani tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama, nambala yolandira, ndi nambala ya malonda ya pa meseji. Pemphani nambala ya dandaulo lanu n'kuilemba. Ngati banki kapena kampani yalephera kukuthandizani, muli ndi ufulu wokatula nkhaniyo ku Reserve Bank, imene imalandira madandaulo a makasitomala a mabungwe a zachuma.

Kulakwitsa nambala ndi nkhani ina, ndipo ndi yovuta kuposa. Apa makompyuta onse agwira bwino ntchito, ndipo ndalama zafika kwa munthu wina. Kampani ikhoza kuzigwira ngati zikadali m'waleti ya wolandirayo, koma akazitapa kale, kuzipeza kumadalira mtima wake kapena apolisi ndi khoti. Choncho imbani foni nthawi yomweyo, osadikira mawa. Koposa zonse, werengani dzina la wolandira ngati laoneka musanaike pini. Nambala ya akaunti ya ku banki ndi yaitali, ndipo maso amadumpha manambala ofanana otsatizana. Ndi bwino kuyamba mwatumiza ndalama zochepa pa akaunti yatsopano, mwini wake akatsimikiza kuti zafika, n'kutumiza zotsalazo.

Malire ndi machaji

Malonda ena amakanidwa popanda chilichonse kuonongeka. Waleti ili ndi malire: ndalama zochuluka zedi zimene mungatumize kamodzi, zimene mungatumize pa tsiku, ndi zimene zingakhale m'waletimo nthawi imodzi. Banki nayo ili ndi malire ake pa malonda a pafoni. Potumiza, malire a mbali zonse ziwiri amagwira ntchito, ndipo ochepawo ndi amene amapambana. Mlimi amene walandira ndalama zambiri za fodya akhoza kudabwa banki ikukana kumusamutsira zonse kamodzi, pomwe vuto ndi lakuti waleti yake singalandire zoposa malire ake, makamaka ngati munali kale ndalama zina. Malirewa anaikidwa pofuna kuchepetsa kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo, komanso kuti wakuba asakokolole zonse tsiku limodzi. Amasintha nthawi ndi nthawi, ndipo waleti ya bizinesi imakhala ndi malire okulirapo kuposa ya munthu wamba.

Akaunti imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito banki imaigoneka, ndipo malonda a pafoni akhoza kukanidwa mpaka mwini wake atapita kukaidzutsa ndi chiphaso. Zimachitikanso chiphaso chomwe chili ku banki chikatha nthawi.

Pa machaji, kumbukirani kuti sitepe iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo mbali ziwirizi sizilipiritsa mofanana. Mphunzitsi akasamutsa K100,000 amalipira banki. Akapita kwa ejenti kukatapa amalipiranso kampani ya waleti. Akatumiza gawo kwa makolo ake, pali chaji yotumizira, ndipo makolowo potapa adulidwanso. Kwacha imodzi ikhoza kulipiritsidwa katatu isanagule ufa.

Pali njira zochepetsera. Ngati ndalama zikupita kwa makolo, zitumizeni kuchoka ku banki kupita pa nambala yawo mwachindunji, osadutsa pa waleti yanu. Ngati mukufuna mayunitsi a magetsi a ESCOM kapena kulipira bilu ya madzi, onani ngati menyu ya banki ili nazo kale, kapena lipirani ndi waleti osatapa. Machaji ambiri amayenda m'magulu a ndalama, moti kusamutsa K100,000 kamodzi nthawi zambiri kumatsika mtengo kuposa K20,000 kasanu. Onaninso pamene gulu likuthera, chifukwa kuwonjezera ndalama pang'ono kukhoza kukulowetsani m'gulu lodula. Mndandanda wa machaji umapezeka ku banki ndi pa kauntala ya ejenti. Uwerengeni, n'kuyerekeza ndi mtengo wa ulendo wopita kuboma.

Foni yasanduka kiyi wa banki

Kulumikiza kuli ndi mtengo wina umene suoneka pa mndandanda wa machaji. Kale wakuba foni yanu ankangopeza zomwe zili m'waleti. Tsopano nambala yanu ndi khomo la akaunti yonse. Ndipo akuba amadziwa kuti ndalama zikangochoka ku banki kupita pa waleti, zikhoza kugawidwa pa manambala angapo ndi kutapidwa m'mphindi zochepa.

Chinyengo choopsa kwambiri ndi chosinthitsa simukhadi. Wakuba amasonkhanitsa zambiri za inu, n'kukanamiza kuti ndi inu mwataya foni, kuti apatsidwe simukhadi yatsopano ya nambala yanu. Zikatheka, yanu imafa, ndipo mameseji onse a banki amapita kwa iye. Chizindikiro chake ndi netiweki kuzimiririka pa foni yanu yokha pomwe anzanu a kampani yomweyo akuimba bwinobwino. Zikatero musangoti ndi vuto la nsanja. Bwerekani foni, imbirani banki kuti itseke ntchito ya pafoni pa akaunti yanu, kenako pitani ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso.

Komabe wakubayo amafunikanso pini, ndipo nthawi zambiri amaipeza kwa mwini wake. Amaimba modzichepetsa ngati wogwira ntchito ku banki, kunena kuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kuilumikizanso, n'kukutsogolerani kuti mutayipe manambala akuti ndi akuti. Mukamatsatira, mukudzitumizira nokha ndalama kwa iye. Banki kapena kampani ya foni sipempha pini, sipemphanso nambala yachinsinsi yobwera pa meseji. Amene akupempha zimenezi ndi wakuba, ngakhale atakutchulani dzina lanu lonse ndi mudzi wanu. Ena amatumiza meseji yabodza yooneka ngati ndalama zalowa, kenako n'kuimba akudandaula kuti alakwitsa nambala, muwabwezere. Funsani balansi kaye. Meseji ikhoza kupekedwa, koma balansi imachokera m'buku.

Pali ngozi inanso imene anthu saiganizira. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitseka ndipo ikhoza kuipereka kwa munthu wina. Ngati munapita ku Joni n'kusiya nambala imene ili yolumikizidwa ku akaunti, mameseji a banki yanu akhoza kuyamba kufika kwa mlendo. Mukasintha nambala, kauzeni a banki achotse yakaleyo. Foni ikabedwa, tsekani mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, chifukwa kutseka simukhadi kokha sikuuza banki chilichonse, ndipo apu ya banki ikhoza kukhala ikadali pa foniyo.

Zisungidwe kuti

Popeza ndalama zikhoza kuyenda mbali zonse ziwiri nthawi iliyonse, palibenso chifukwa chozisungira zonse malo amodzi. Waleti ndi ya ndalama za sabata ino: ndiwo, mayunitsi, thiransipoti, kutumiza kumudzi. Banki ndi ya ndalama zoyembekezera fizi, feteleza kapena belo lotsatira. Kumeneko kulibe malire ofinya ngati a waleti, akaunti yosungira imabala chiwongoladzanja, ndipo ndalama sizikhala pafupi kwambiri ndi chala. Kwa wamalonda pali phindu linanso. Mayi wa kaunjika akamatumiza zomwe wagulitsa ku akaunti sabata iliyonse, sitetimenti yake imasanduka mbiri ya bizinesi yake, ndipo ndi pepala limeneli limene banki imafunsa munthu akapempha ngongole.

Ngati akaunti yanu sinalumikizidwe, pitani ku banki ndi chiphaso cha unzika, onetsetsani kuti dzina la pa akaunti ndi la pa nambala ndi limodzi, ndipo yesani njira zonse ziwiri ndi ndalama zochepa tsiku lomwelo mudakali pafupi ndi ogwira ntchito amene angakuthandizeni. Ngati inalumikizidwa kale, lembani pa pepala nambala zoimbira thandizo za banki yanu ndi za kampani yanu ya foni, n'kusunga pepalalo kunyumba, osati mufoni. Pini yokha musailembe paliponse, ndipo musauze munthu aliyense.